Kufunsa za Sitandi ndi Usiponsa pa Chionetsero cha Malonda

Okonza chionetsero cha malonda amagulitsa zinthu ziwiri kwa eni mabizinesi, ndipo ziwirizi sizifanana ngakhale kuti nthawi zambiri zimalembedwa pa pepala limodzi. Choyamba ndi malo oonetserapo katundu, amene anthu amalonda amangoti sitandi. Chachiwiri ndi usiponsa, pamene bizinesi imapereka ndalama kapena katundu kuti chochitikacho chitheke, ndipo posinthana ndi zimenezo dzina lake limaonekera ndi kumveka pa chochitikacho. Wogula sitandi amagula malo oti akumanirepo ndi makasitomala maso ndi maso, pamene wosiponsa amagula kutchuka kwa dzina. Bizinesi yaing'ono iyenera kudziwa chimene ikufuna pa ziwirizi isanaimbe foni, chifukwa mafunso ake ndi osiyana, ndipo wa ku ofesi ya okonza amayankha zokhazo zimene wafunsidwa.

M'Malawi muno chitsanzo chodziwika bwino ndi chionetsero cha Malawi International Trade Fair, chimene bungwe la MCCCI limakonza pa bwalo la zionetsero la Chichiri mumzinda wa Blantyre. Pa bwalo lomwelo pamachitikanso chionetsero cha zaulimi cha National Agriculture Fair. Palinso zochitika zamtundu wina, monga Takulandirani, chionetsero cha zokopa alendo, ndi zikondwerero za nyimbo ndi zachikhalidwe monga Tumaini ku Dzaleka m'boma la Dowa. Zonsezi zimasonkhanitsa anthu, koma anthu ake ndi osiyana, ndipo pamenepa ndi pamene funso loyamba liyenera kuchokera.

Ambiri amayamba ndi kufunsa mtengo. Koma mtengo pawokha suuza munthu kanthu ngati sakudziwa kuti pa chochitikacho pamabwera ndani. Choncho funso loyamba kwa okonza ndi lokhudza anthu: chaka chatha panabwera anthu angati, anawawerenga bwanji, ndipo anali anthu otani. Funso la kawerengedwe ndi lofunika kwambiri. Pamene anthu amalowa ndi matikiti, okonza amakhala ndi chiwerengero chochokera pa geti, chimene angathe kuchionetsa. Pamene anthu amalowa ulere, chiwerengero chimakhala chongoyerekeza. Palinso kusiyana pakati pa anthu amene anabwera ndi maulendo amene analowa: munthu mmodzi wobwera masiku atatu angathe kuwerengedwa katatu, ndipo ana asukulu obwera pa basi amawerengedwa mofanana ndi mwini shopu amene wabwera kudzafuna woti azimupikulitsa katundu. Kwa wogulitsa zakumwa zoziziritsa kukhosi, ana asukuluwo ndi makasitomala enieni. Kwa wopanga makina okhomera chimanga, iwo ndi khamu chabe lodzaza njira.

Njira yodalirika yoyesera mayankho amenewa ndi kupempha mndandanda wa mabizinesi amene anaonetsa katundu chaka chatha. Okonza okhazikika amakhala nawo, nthawi zina m'kabuku kamene amasindikiza ka chionetserocho. Pa mndandandawo munthu angathe kupezapo mabizinesi awiri kapena atatu ofanana ndi yake kukula, n'kuwafunsa mmene zinayendera ndiponso ngati akubwereranso chaka chino. Bizinesi imene yabwerera zaka zitatu zotsatizana ndi umboni woposa mawu onse a pa pepala lotsatsa. Okonza amene akukana kutchula ndi mmodzi yemwe amene anaonetsapo kale ayenera kukayikiridwa, pokhapokha ngati chochitikacho chili chatsopano, ndipo ngati ndi chatsopano mtengo wake uyenera kusonyeza zimenezo.

Kalata yofunsira isakhale yaitali. Foni ndi yabwino pofuna kudziwa dzina la ofesi yoyenera ndi tsiku lotsekera kulembetsa, koma mafunso enieni apite pa imelo kapena pa kalata, kuti yankho nalo libwere lolembedwa. Kalatayo itchule chimene bizinesi imapanga, kumene ili, kukula kwa malo amene ikufuna, ndi zofunika zapadera monga magetsi a firiji kapena madzi. Mayi wopanga chiponde angalembe motere: "Bwana, ndife kampani yaing'ono ya ku Mchinji yopanga chiponde ndi kukonza uchi. Tikufuna sitandi imodzi ya mkati pa chionetsero cha chaka chino, ndipo tikufuna kugulitsa katundu pomwepo ndi kulawitsa anthu. Chonde titumizireni fomu yolembetsera, mitengo ya masitandi, mapu osonyeza malo amene atsala, ndi malamulo a oonetsa katundu. Tiuzeninso ngati pali mtengo wapadera wa mabizinesi ang'onoang'ono." Kalata yotere imasonyeza kuti wolembayo akudziwa chimene akufuna, ndipo imapatsa wa mu ofesi ntchito yosavuta yongotumiza zikalata zinayi.

Zikalatazo zikabwera, pamafunika kuwerenga mosamala kuti mawu oti sitandi akutanthauza chiyani. M'zionetsero zambiri pa dziko lonse sitandi yamba imakhala ya mamita 3 m'litali ndi 3 m'lifupi, ndipo mtengo umawerengedwa pa sikweya mita. Koma pali mitundu iwiri. Wina ndi sitandi yomangidwa kale, yokhala ndi makoma a matabwa oyera, chikwangwani cha dzina la kampani pamwamba, ndipo kawirikawiri tebulo limodzi, mipando iwiri, getsi ndi soketi imodzi. Wina ndi malo opanda kanthu, pamene okonza amangolemba mzere pansi, ndipo woonetsa amabweretsa yekha tenti, matebulo, mashelefu ndi waya wa magetsi. Malo opanda kanthu amaoneka otsika mtengo pa pepala, koma munthu akawerengera kubwereka tenti ndi kulipira woikhoma, angapeze kuti walipira zambiri kuposa mnzake wa mkati. Mtundu umenewu umayenera amene katundu wake ndi wamkulu, monga mapampu, mipando kapena mbande za mitengo.

Pambuyo pake pamabwera mafunso ang'onoang'ono amene amadya ndalama akasiyidwa. Magetsi ali mu mtengo kapena amalipiridwa padera? Soketiyo ingapirire firiji kapena ketulo, kapena ndi ya kompyuta ndi kutchaja foni basi? Magetsi akazima pali jenereta, ndipo jeneretayo imafika m'masitandi onse kapena m'nyumba zazikulu zokha? Funso limeneli kwa wogulitsa yogati kapena chambiko likhoza kukhala lofunika kuposa mtengo wa sitandi yeniyeniyo. Ziphaso zolowera za antchito ndi zingati pa sitandi imodzi, ndipo chowonjezera ndi ndalama zingati? Galimoto yobweretsa katundu imaloledwa kulowa nthawi yanji? Usiku katundu amalondera ndani? Pa funso lomalizali okonza ambiri amayankha kuti alonda alipo, koma malamulo awo olembedwa amanena kuti katundu akasowa kapena kuwonongeka iwo alibe mlandu. Kukhalapo kwa alonda ndi kulipira katundu wobedwa ndi nkhani ziwiri, ndipo woonetsa ayenera kusankha yekha ngati azinyamula katundu wamtengo wapatali madzulo aliwonse, kubweretsa bokosi lokhoma, kapena kugula inshulansi.

Mtengo nawo uyenera kufunsidwa bwino: kodi msonkho wa VAT uli kale mkati kapena uwonjezeredwa pa invoisi? Kotesheni yopanda msonkho imasokoneza bajeti ya bizinesi yaing'ono, makamaka imene sinalembetse VAT ku MRA ndipo singabweze msonkhowo m'njira iliyonse. Kumene okonza ali bungwe la mamembala, monga MCCCI, n'koyenera kufunsa ngati mamembala ali ndi mtengo wawo, ndiponso ngati wolipira msanga amachotseredwa.

Malo amene sitandi ili ndi nkhani imene eni mabizinesi ang'onoang'ono amaipeputsa, chonsecho ndi imene imasiyanitsa masitandi awiri a mtengo umodzi. Anthu pa chionetsero amayenda ngati madzi: amatsata njira yaikulu yochokera pa geti, amaunjikana pamene pali zakudya ndi zoimbaimba, ndipo safika m'makona amene njira yake imathera pa khoma. N'chifukwa chake mapu ndi ofunika. Pa mapuwo payenera kuoneka geti, zimbudzi, malo odyera, nsanja ya zoimbaimba, ndi makampani akuluakulu amene atenga kale malo. Sitandi ya pa kona, yotseguka mbali ziwiri, imaonedwa ndi anthu ochokera njira ziwiri. Kuyandikana ndi kampani yaikulu ya mafoni kapena banki kumabweretsa khamu, koma kumabweretsanso zokuzira mawu zimene zingalepheretse munthu kukambirana za oda ndi kasitomala. Wogulitsa zakudya amapindula akakhala pafupi ndi anzake a zakudya, pakuti wanjala amapita kumene kuli fungo. Chimene chiyenera kulembedwa pa invoisi kapena pa mgwirizano ndi nambala ya sitandiyo. Lonjezo la pakamwa lakuti "tikupatsani malo abwino" limatha mphamvu tsiku lomanga masitandi, pamene aliyense ali pa chipwirikiti ndipo amene analonjezayo sakuyankha foni. Okonza ambiri amadzisungira ufulu wosintha mapu, choncho n'kwanzeru kufunsanso chimene chimachitika sitandi ikasamutsidwa.

Pali funso lina limene liyenera kufunsidwa mwachindunji: kodi kugulitsa pomwepo n'kololedwa? Zochitika zina ndi zoonetsera chabe, ndipo zina zimalola kugulitsa koma zimaletsa katundu wina chifukwa siponsa wamkulu anagula ufulu wokhala yekha pa katundu wa mtundu umenewo. Pa chikondwerero chimene kampani ya zakumwa yasiponsa, wopanga juwisi wa malambe angapeze kuti sakuloledwa kugulitsa zakumwa zake, atalipira kale. Wogulitsa zodyedwa afunsenso zikalata zimene zimafunika, monga satifiketi ya MBS ya katundu wopakidwa m'mabotolo, kapena chilolezo cha zaumoyo cha khonsolo kwa ophika ndi kulawitsa anthu.

Mayankho onsewa akapezeka, masamu ake angachitike. Ziwerengero zotsatirazi ndi zongoyerekeza pofuna kusonyeza kawerengedwe, si mitengo ya chionetsero chilichonse. Tinene kuti mayi wa ku Mchinji uja wapatsidwa kotesheni ya K900,000 pa sitandi yomangidwa kale, msonkho uli mkati, pa chionetsero cha masiku 10 ku Blantyre. Kunyamula katundu ndi anthu awiri kupita ndi kubwera ndi K250,000. Malo ogona ndi chakudya cha anthu awiriwo pa masiku 12, kuphatikizapo tsiku lokonza sitandi ndi tsiku lophwasula, ndi K480,000. Chikwangwani cha nsalu, timapepala ta mitengo ndi manambala a foni, ndiponso chiponde ndi buledi zolawitsa anthu, ndi K170,000. Zonse pamodzi zakwana K1,800,000, kutanthauza kuti mtengo wa sitandi ndi theka chabe la ndalama zimene ulendowu udye.

Ngati phindu pa botolo limodzi la chiponde ndi K1,500, mayiyu ayenera kugulitsa mabotolo 1,200 kuti angobweza ndalama zake, kapena kuti mabotolo 120 tsiku lililonse. Pa tsiku la maola 8, ndiye kuti botolo limodzi lizituluka mphindi 4 zilizonse, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, Lolemba ngati Loweruka. Sitandi ya anthu awiri kawirikawiri siingakwanitse zimenezo, ndipo mwina mayiyo alibe ndi mpamba womwe wopangira mabotolo 1,200 nthawi imodzi. Masamu akanathera pamenepa, yankho likanakhala loti asapite.

Koma phindu la chionetsero chotere limabwera kwambiri kuchokera kwa opikula. Shopu imodzi ya ku Limbe ikagwirizana zotenga mabotolo 100 mwezi uliwonse pa phindu lotsikirapo la K1,000 pa botolo, pa chaka ibweretsa K1,200,000. Mayiyo akagulitsa mabotolo 400 okha pa sitandi, apeza K600,000, ndipo pamodzi ndi shopu imodziyo ndalama zonse za ulendo zabwerera. Shopu yachiwiri ndiye phindu. Apa mpamene funso loyamba lija la anthu obwera limasonyeza kulemera kwake: ngati okonza angathe kunena kuti amaitana eni mashopu, mahotela ndi ogula a makampani, ndiponso kuti pamakhala misonkhano yokumanitsa ogula ndi ogulitsa, ulendowu uli ndi mutu. Ngati obwera ndi ongodzasangalala kumapeto kwa sabata, mayiyo achita bwino kusunga ndalama zake kapena kufuna chochitika cha tsiku limodzi ku Lilongwe, kufupi ndi kwawo.

Masamuwa amasintha kwambiri ngati sitandi igawidwa. Mabizinesi awiri osapikisana, wina wa chiponde wina wa sopo, angagawane malo amodzi ndi galimoto imodzi. Koma izi ziyenera kufunsidwa kwa okonza poyamba, chifukwa malamulo a zionetsero zambiri amaletsa kubwereketsa gawo la sitandi popanda chilolezo, ndipo ena amalipiritsa kuti dzina lachiwiri lilembedwe pa chikwangwani ndi m'kabuku. N'koyeneranso kufunsa ngati pali nyumba kapena tenti ya mabizinesi ang'onoang'ono imene unduna, banki kapena bungwe lina lalipirira, pakuti okonza ndiwo amadziwa amene atenga malo aakulu n'cholinga choitanirapo amalonda ang'onoang'ono.

Nkhani ya usiponsa ili ndi kayendedwe kake. Okonza amaika usiponsa m'magawo, kawirikawiri otchedwa pulatinamu, golide, siliva ndi bulonzi, ndipo gawo lililonse limakhala ndi mtengo ndi mndandanda wa zimene siponsa alandire. Kwa bizinesi yaing'ono, gawo lotsikitsitsa ndi limene limakopa, ndipo kawirikawiri ndi limene lili ndi phindu lochepa kwambiri pa kwacha iliyonse. Chimene limapereka ndi chizindikiro cha kampani pa chikwangwani, pansi penipeni, pakati pa zizindikiro zina zambiri. Chizindikiro chimagwira ntchito pokumbutsa anthu dzina limene akulidziwa kale. Banki yodziwika imapindula anthu akaona mtundu wake patali, koma chizindikiro cha kampani ya chiponde imene munthu sanaimvepo sichimuuza chimene ikugulitsa kapena kumene angachipeze.

Choncho mawu aliwonse a pa mndandanda wa usiponsa ayenera kusandutsidwa funso la nambala ndi malo. Pakalembedwa kuti dzina lidzatchulidwa pa wailesi, afunse kuti wailesi iti, kangati, nthawi yanji, ndipo kuyambira liti. Pakalembedwa kuti chizindikiro chidzakhala pa zotsatsa zonse, afunse ngati mapositala asindikizidwa kale, chifukwa wosiponsa mochedwa amalipirira malo pa pepala limene linatuluka kalekale. Pakalembedwa kuti woyendetsa mwambo adzatchula kampaniyo, afunse ngati adzawerenga mawu amene kampani yalemba kapena adzangotchula dzina pa mndandanda. Afunsenso kuti masiponsa a gawo limenelo adzakhala angati, ndiponso ngati wopikisana naye angalowe m'gawo lomwelo. Funso lina lofunika ndi loti kodi usiponsawo ukuphatikizapo sitandi, pakuti nthawi zina kusiyana kwa mtengo wa sitandi yokha ndi wa gawo lotsika la usiponsa lokhala ndi sitandi kumakhala kochepa.

Magawo osindikizidwawo si malire a zokambirana. Okonza amakhala ndi zosowa zambiri zimene akanalipira ndi ndalama: madzi akumwa a alendo, tiyi wa pa msonkhano, mphatso za olankhula, kusindikiza ziphaso, maluwa a pa nsanja. Bizinesi yaing'ono ingapemphe kusiponsa chinthu chimodzi choterocho ndi katundu wake m'malo mwa ndalama, ndipo kawirikawiri iyi ndiyo njira yoyenera kukula kwake. Mayi wa chiponde akapereka timabotolo 150 ta uchi kuti tiikidwe m'zikwama za obwera ku msonkhano wa amalonda, katundu wake amafika m'manja mwa anthu enieni amene akuwafuna, nambala yake ya foni ili pa lebulo. Pokambirana, katunduyo awerengedwe pa mtengo wogulitsira, osati wopangira, popeza ndiwo mtengo umene okonza akanalipira ku shopu. Ngati botolo limagulitsidwa K4,000 koma limapangidwa ndi K2,500, mayiyo wapereka usiponsa wa K600,000 atawononga K375,000. Mgwirizano wotere nawonso ulembedwe: kuchuluka kwa katundu, tsiku lomupereka, amene adzamulandire, ndi chimene okonza adzachite posinthana naye. Popanda zimenezo, uchi ungathe kuthera m'nyumba za ogwira ntchito pa chochitikacho osafika m'zikwama.

Asanalipire chilichonse, mwini bizinesi afunse za kulephereka ndi kusintha kwa masiku. Zochitika zimasunthidwa pa zifukwa zosiyanasiyana, ndipo m'chaka cha 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa zionetsero ndi misonkhano yambiri m'Malawi ndi m'maiko ena. Malamulo a okonza ayenera kunena ngati ndalama zimabwezedwa chochitika chikalephereka, kapena zimangosungidwa kudikira tsiku latsopano, ndiponso kuti woonetsa akadzichotsa yekha amataya zingati ndipo pofika tsiku liti. Dipoziti nthawi zambiri sibwezedwa. Kwa wogulitsa zinthu zosachedwa kuwonongeka, kusuntha kwa masabata awiri kungatanthauze kutaya katundu yense amene anakonzera chionetsero.

Kalipiridwe kenikeni kakhale kotsata invoisi yokhala ndi dzina la bungwe lokonza, nambala ya sitandi, kukula kwake, masiku, ndi zonse zimene zili mu mtengo. Ndalama zipite ku akaunti ya bungwelo, kaya ya ku banki kapena nambala yake yamalonda ya Airtel Money kapena Mpamba, osati ku nambala ya munthu payekha. Pa zochitika zotchuka pamapezeka anthu odzitcha othandiza kupeza malo, amene amatumiza mauthenga pa WhatsApp akuti masitandi atsala awiri okha ndipo ndalama zitumizidwe lero lomwe. Njira yotsimikizira ndi kuimba foni ku ofesi ya okonza pa nambala yopezeka kwina, osati imene ili mu uthengawo, kapena kupita ku ofesiko. Risiti, invoisi, mapu ndi makalata onse zisungidwe pamodzi ndipo zinyamulidwe pa tsiku lokonza sitandi, pakuti amene amagawa malo pa bwalo kawirikawiri si amene ankayankha makalata mu ofesi.

Kwa wosiponsa pali pempho limodzi lowonjezera limene liyenera kulowa mu mgwirizano usanasainidwe: lipoti la pambuyo pa chochitika, lokhala ndi chiwerengero cha obwera, zithunzi zosonyeza pamene chizindikiro kapena katundu anaikidwa, ndi ndandanda ya masiku ndi nthawi zimene dzina linamveka pa wailesi. Woonetsa pa sitandi amasunga kaundula wake, kabuku kolembamo dzina, foni ndi chofuna cha aliyense amene anafunsa za oda, ndipo pakatha miyezi itatu amawerenga kuti ndi angati mwa iwo amene agula. Ziwerengero ziwirizi, za okonza ndi za mwini bizinesi, ndizo zimagwiritsidwa ntchito pokambirana mtengo ndi malo a chaka chotsatira.